Kodi munthu angabe chinthu osadziwa kuti akuba?

Mchemwali wanga anafika kumudzi ku Chipoka mwera uli pa chimake, nyanja itakwiya moti asodzi ambiri anali atakokera mabwato kumtunda. Anatsika minibasi pa msewu wa M5 ndi kachikwama kamodzi, nkhope ili gwa. Mayi anaganiza kuti wadwala malungo. Madzulo tili awiri pakhonde ndi pamene anandipatsa foni yake nati, "Achimwene, tawerengani izi. Akuti ndaba."

Unali uthenga wa aphunzitsi omwe ankamuyang'anira pa kafukufuku wake wa chaka chomaliza ku yunivesite. Kafukufukuyo anali wa usodzi wa usipa pa madoko a kwathu konkuno. Aphunzitsiwo analemba kuti m'mutu wachiwiri muli ndime zitatu zomwe si zake, zotengedwa liwu ndi liwu mu lipoti la anthu ena, popanda zizindikiro zogwira mawu komanso popanda dzina la eni ake. Anatchula mawu amene ophunzira onse amawaopa aja, pulejalizimu.

Iye analumbira kuti sanabe. Ine ndinamukhulupirira, ndipo mpaka lero ndimamukhulupirira. Koma ndimakhulupiriranso kuti aphunzitsi aja sanalakwitse. Zinthu ziwirizi zakhala zikundizunguza mutu, n'chifukwa chake ndalemba izi.

Poyamba ndifotokoze mmene zinachitikira, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Mu Febuluwale mchemwali wanga ankawerenga mu laibulale. Alibe laputopu yakeyake, ndiye ankalemba m'kope la chikuto cholimba. Akapeza ndime yabwino ankaikopera m'kopemo. Ganizo likamubwerera iye mwini, ankalilembanso pomwepo, m'munsi mwake, ndi cholembera chomwecho. Dzina la lipoti analilemba kamodzi kokha, pamwamba pa tsamba loyamba. Atatembenuza tsamba anapitiriza kukopera osalembanso dzina. Patapita miyezi inayi, atabwereka laputopu ya mnzake kwa masiku atatu, anatsegula kope lija n'kuyamba kutaipa usiku. Pa tsamba lachitatu ndi lachinayi anapeza ziganizo za zilembo za dzanja lake, zopanda dzina la munthu, zonena za usipa umene iye waudziwa kuyambira ali wakhanda. Anazitenga ngati zake. Ndani sakanatero?

Tinaliona kope lija tonse awiri. Tsamba loyamba linali ndi dzina la lipoti, masamba otsatira analibe kanthu. Umboni woti sanachite dala unali pomwepo, koma umboni woti ndime zija si zake unalinso pa tsamba lomwelo.

Anthu ambiri amaganiza kuti pulejalizimu ndi kukopera ntchito yonse ya mnzako kapena kugula asayimenti yolembalemba. Zimenezo ndi mbali imodzi chabe. Mayunivesite ambiri amatanthauzira mawuwa motere: kupereka mawu, maganizo, ziwerengero kapena ntchito ya munthu wina ngati zako, osanena kumene wazitenga. Mu tanthauzo limeneli mulibe mawu oti "mwadala". Yunivesite ya Oxford imanena poyera kuti mchitidwewu ungakhale wadala, wa kusasamala, kapena wosafuna, ndipo mitundu iwiri yoyambayo ndi imene imakufikitsa pa bwalo la chilango. Kunena kwina, pali mafunso awiri osiyana. Loyamba ndi lakuti, kodi pa tsambali pali za munthu wina zopanda dzina lake? Limeneli limayankhidwa poyang'ana pepala basi. Lachiwiri ndi lakuti, kodi wolembayo tichite naye chiyani? Apa ndi pamene mtima wa munthu umayamba kuwerengedwa.

Mchemwali wanga ankayankha funso lachiwiri pamene aphunzitsi ake ankafunsa loyamba. Iye akuti "sindinafune," iwo akuti "koma zilipo." Onse ankanena zoona.

Nkhani yotere si ya ophunzira osauka okha. Doris Kearns Goodwin ndi wolemba mbiri wotchuka wa ku America, yemwe anapatako mphoto ya Pulitzer. Mu 2002 zinadziwika kuti buku lake la 1987 lonena za mabanja a Fitzgerald ndi Kennedy linali ndi ziganizo zambiri zochokera m'mabuku a ena, makamaka la Lynne McTaggart. Iye anafotokoza kuti ankalemba manotsi ake pamanja, ndipo pa zaka zambiri zomwe analemba bukulo anasokoneza mawu okopera ndi mawu akeake. Ndi nkhani ya kope la mchemwali wanga yomweyo, kungoti iyi inachitikira mu nyumba ya mabuku ambiri. Ena anamukhulupirira, ena ayi, koma chaka chomwecho anatula pansi udindo wake mu bungwe lopereka mphoto ya Pulitzer.

Ndiye funso langa n'lakuti, kodi n'chilungamo kutchula munthu wotere ndi dzina lofanana ndi la wakuba? Mawu a Chingerezi aja anachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza munthu woba anthu. Mlakatuli wa ku Roma dzina lake Martial ndiye anayamba kuligwiritsa ntchito ponena za munthu amene ankalakatula ndakatulo zake ngati kuti ndi za iyeyo. Ndi liwu lolemera, lonunkha ndende. Kwathu kuno munthu ukamutcha wakuba wamuvula, ndipo banja lake lonse lavulidwa naye.

Kunyanja kuno tili ndi mlandu wofanana nawo. Asodzi a usipa amapita usiku, mwezi ukakhala mdima, ndi nyali zawo ndi chilimira. Pobwerera m'bandakucha, atatopa, munthu amatha kunyamula nkhafi ya mnzake poyesa ndi yake, chifukwa nkhafi zimafanana. Palibe amene amamutcha wakuba. Koma palibenso amene amati poti sunafune, nkhafiyo yasanduka yako. Mwini wake akabwera umabweza, umapepesa. Ndipo ngati mnzakoyo walephera kupita panyanja chifukwa chosowa nkhafi, kusafuna kwako sikumubwezera usipa wa tsiku limenelo. Ukachita kawiri, katatu, akuluakulu a pa doko amayamba kufunsa chifukwa chimene sulembera chizindikiro pa nkhafi yako monga amachitira anzako. Pamenepo kulakwa kwako sikulinso kwa m'bandakucha uja. Kwabwerera m'mbuyo, ku tsiku limene unali ndi mpeni ndi nthawi koma sunaike chizindikiro.

Apa ndi pamene ndinasiyana maganizo ndi mchemwali wanga. Iye ankayang'ana usiku wotaipa uja, ndipo n'zoona kuti usiku umenewo mtima wake unali woyera. Ine ndinkayang'ana masana a mu Febuluwale, pamene anatembenuza tsamba osalemba dzina. Sikunali kuba, koma kunali kusasamala ndi katundu wa mwini. Munthu amene wabwereka chinthu amakhala ndi udindo wokumbukira kuti ndi chobwereka.

Wina anganene kuti nkhafi ndi nkhafi, koma mawu satha. Amene analemba lipoti lija sanataye kanthu, lipoti lawo likadali pa shelefu. Ndi zoona, ndipo n'chifukwa chake ndimaona kuti wolakwiridwa wamkulu si wolemba woyamba uja ayi. Ndi wowerenga. Tiyerekeze kuti ndime ija ikunena kuti usipa wachepa pa madoko a ku Salima. Wowerenga akaona chiganizocho chopanda dzina amayesa kuti mtsikanayu anayeza yekha chaka chino pa Chipoka. Chonsecho mwina eni ake anayeza zaka makumi awiri zapitazo, mwinanso ku Mangochi. Nsomba za m'nyanja yathu zakhala zikufufuzidwa kwa nthawi yaitali. Ethelwynn Trewavas ndi anzake anachita kafukufuku mu 1939, ndipo Rosemary Lowe anafufuza chambo m'zaka za m'ma 1940 n'kutulutsa lipoti mu 1952. Nyanja imene iwo anaiona si imene tikuiona ife. Chiganizo chonena za kuchuluka kwa chambo chikataya dzina ndi chaka, chimasanduka bodza ngakhale kuti tsiku limene chinalembedwa chinali choona. Dzina ndi chaka zili ngati chikwangwani cha pa mphambano, zimamuuza wowerenga kumene angapite kukadzionera yekha.

Palinso wolakwiridwa wina, amene adzakhulupirire digiri ija. Aphunzitsi akamachonga amafuna kudziwa chimene wophunzira angathe kuganiza payekha. Ngati ndime zabwino kwambiri m'mutu uja zili za anthu ena, malikisi apita kwa munthu wolakwika, kaya wophunzirayo anafuna kaya sanafune.

Chimene chinamupweteka kwambiri mchemwali wanga chinali nambala. Ntchito yake inadutsa mu Turnitin, pulogalamu yoyerekeza zolemba ndi zina zomwe zili kale pa intaneti ndi m'nkhokwe yake. Ophunzira amaitenga ngati woweruza, amafunsana kuti "iwe wapeza zingati?" Iye poyamba anapeza 27 peresenti, mtundu wachikasu. Aphunzitsi atachotsamo mndandanda wa mabuku ndi mawu ogwidwa moyenera, inatsika kufika pa 9. Iye anati, "Nayini yokha, achimwene! Anzanga ena ali ndi twente koma adutsa." Koma Turnitin siyeza kuba, imayeza kufanana kwa mawu. Twente ya mnzake ingakhale timawu tating'onoting'ono tomwazikana, monga maina a mabungwe ndi mitu ya mabuku, tomwe aliyense amalemba mofanana. Nayini yake inali itaunjikana malo amodzi, ndime zitatu zathunthu zochokera mu lipoti limodzi. Mphunzitsi wodziwa ntchito sayang'ana nambala, amayang'ana pamene mtundu wadetsa tsamba. Ndipo nthawi zambiri amazindikira asanatsegule n'komwe pulogalamuyo, chifukwa Chingerezi cha wophunzira chimasintha mwadzidzidzi, ngati munthu amene amayenda wapansi kenaka mwangomuona ali pa njinga yamoto.

Pulogalamuyi ilinso ndi zimene siziona. Ukatenga ganizo la munthu n'kulinena m'mawu ako onse, siikugwira, koma ngati sunamutchule mlandu ndi womwewo. Ukamasulira ndime ya Chingerezi kupita m'Chichewa n'kuisiya yopanda dzina, nthawi zambiri siikugwira, koma ndimeyo ikadali ya mwini wake. Izi zikutikhudza ife olemba m'Chichewa kuposa wina aliyense, ndipo ndivomereze kuti mayesero amenewa ndimawadziwa bwino.

Tinakhala pansi masiku awiri kukonza mutu uja, ndipo tinapeza kuti chiganizo chilichonse chimagwa m'gulu limodzi mwa magulu anayi. Choyamba, mawu enieni a wolemba wina: amenewa amafuna zizindikiro zogwira mawu, dzina, chaka ndi tsamba. Kutchula dzina kokha popanda zizindikirozo sikokwanira, chifukwa kumauza wowerenga kuti ganizo ndi la wina koma mawu ndi ako. Chachiwiri, ganizo la wina lonenedwa m'mawu ako: limafuna dzina ndi chaka, monga (Lowe, 1952). Chachitatu, zodziwika kwa aliyense, monga zoti usipa amauyanika pa thandala kapena zoti Chipoka ili m'boma la Salima: izi sizifuna dzina. Chachinayi, zimene waona kapena kuganiza wekha: izi ndi zako, ndipo uzinene molimba mtima kuti ndi zako.

Gulu lachiwiri ndi limene lili ndi msampha. Mchemwali wanga atayamba kukonza, ankangosintha mawu awiri kapena atatu m'chiganizo, pamene panali "kuchepa" n'kuikapo "kutsika", mafupa a chiganizo n'kuwasiya momwemo. Kumeneko ndi kupaka penti njinga ya mwini. Njira imene inatithandiza inali yophweka. Awerenge ndimeyo, atseke lipoti, andifotokozere ine m'Chichewa ngati tikucheza, kenaka alembe m'Chingerezi zimene wandiuzazo, atsegule lipoti kuti aone ngati sanapotoze tanthauzo, ndipo pomaliza aike dzina ndi chaka. Pamene ankalephera kundifotokozera m'Chichewa, tinkadziwa kuti ndimeyo sanaimvetse, anangoinyamula.

Apa ndiyenera kumuikira kumbuyo pang'ono. Mwana amene anaphunzira pa sekondale ya kumudzi wakhala zaka zonse akukopera manotsi pa bolodi, ndipo pa mayeso a MSCE amene wabweza bwino mawu a m'buku ndiye amakhoza. Akafika ku yunivesite amauzidwa kuti chimene chinamufikitsa kumenekocho tsopano ndi mlandu. Akulembanso m'chinenero chimene salota nacho. Katswiri wina wa ku America, Rebecca Moore Howard, analemba m'zaka za m'ma 1990 kuti kulumikiza zigamba za mawu a ena ndi njira imene ophunzira ambiri amadutsamo pophunzira chilankhulo cha akatswiri, ndipo n'kofunika kuphunzitsa kuposa kulanga. Ndikugwirizana naye. Yunivesite imene imalanga popanda kumuonetsa wophunzira kasungidwe ka manotsi ili ngati mwini bwato wokalipira mnyamata amene sanamuphunzitse kupalasa. Koma kumvetsa chifukwa chimene munthu walakwira sikufafaniza kulakwako. Kumangotiuza kuti chilango chikhale chotani, ndiponso kuti wolakwa si mmodzi.

Usiku wachiwiri bambo anatimva tikukangana. Iwo anasiya kupita panyanja kalekale, koma ndalama za fizi ya chaka choyamba zinachokera ku usipa wawo. Atamva nkhani yonse anaseka pang'ono nati, "Nanga nzeru ili ndi mwini? Ine zonse ndikudziwa za nyanjayi ndinamva kwa anthu." Mawu amenewa ndawamvapo kwa anthu ophunzira kwambiri, oti ife Aafirika zathu ndi za tonse, nthano ndi miyambi zilibe mwini, ndiye za pulejalizimu ndi za azungu. Koma ndinawafunsa kuti, "Bambo, mukamatiuza za malo a kampango aja, mumayamba bwanji?" Anaganiza pang'ono nati, "Ndimati malemu amalume anga ndiwo anandionetsa." Eya. Munthu wa kumudzi akamanena mwambi amayamba ndi "akuluakulu amati". Akamabweretsa nkhani amati "ndamva kwa auje ku msika". Pa bwalo la mfumu, mboni imafunsidwa kuti "unaona wekha kapena unamva?" Ndipo munthu amene amanena za ena ngati waziona yekha timamudziwa, sitimukhulupirira kawiri. Ngakhale lamulo lotseka usodzi pa chilumba cha Mbenji nyengo ya dzinja, aliyense m'boma lino amalitchula pamodzi ndi dzina la mfumu Makanjira. Kutchula gwero si mwambo wobwera ndi sitima. Chatsopano ndi mabulaketi ndi chaka basi.

Koma bambo sanathere pomwepo. Anafunsa kuti, "Nanga zimene ndinakuuza ine zija za mwera ndi usipa, dzina langa lilimo?" Mchemwali wanga anayang'ana pansi. M'kafukufuku wake bambo anali nambala chabe, woyankha mafunso wachisanu ndi chiwiri. Malamulo a kafukufuku amabisa maina a oyankha pofuna kuwateteza, ndipo pali zifukwa zabwino, makamaka ngati munthu waulula za maukonde oletsedwa. Komabe zinandikhudza. Dongosolo lomwelo limene lingamulephereretse mwana chifukwa cha mawu mazana awiri a munthu wolemba lipoti, limalola kuti nzeru za zaka makumi anayi za msodzi zilowe m'buku zopanda dzina. Yankho la zimenezi ndilibe. Chimene ndikuona n'chakuti vutoli silitiuza kuti tisiye kutchula olemba mabuku. Likutiuza kuti ngongole zathu ndi zambiri kuposa zimene mndandanda wa kumapeto kwa pepala umaonetsa.

Tsono kodi munthu angabe osadziwa? Ine ndikuti ayi, kuba kumafuna mtima wakuba, ndipo mchemwali wanga si wakuba. Koma munthu angasunge cha mwini osadziwa, angasocheretse wowerenga osadziwa, angalandire malikisi a wina osadziwa. Zonsezi ndi zolakwa zenizeni zofunika kukonza, ndipo kusadziwako nthawi zambiri kumakhala ndi tsiku limene kunabadwa. Amene wagula ntchito yolembalemba ndi amene waiwala dzina pa tsamba lachitatu asalandire chilango chofanana. Ku Germany, nduna ya zachitetezo Karl-Theodor zu Guttenberg inalandidwa digiri ya udokotala ndi yunivesite ya Bayreuth mu 2011 n'kutula pansi udindo, chifukwa zokopera zinali ponseponse m'buku lake. Zimenezo n'zosiyana ndi ndime zitatu za mtsikana wa laputopu yobwereka. Koma onse awiri ali ndi chobweza.

Mchemwali wanga anabwerera ku sukulu ndi kope lija m'chikwama. Anakalionetsa kwa aphunzitsi ake, masamba onse anayi. Anamulola kulembanso mutuwo, koma malikisi ake anadulidwa, ndipo zimenezo zinamuwawa chifukwa ankayembekezera kukhoza bwino kwambiri. Sanatsutse.

Asananyamuke anagula zolembera ziwiri pa golosale ya pafupi ndi siteshoni ya njanji, chofiira ndi chabuluu. Chofiira ndi cha mawu a eni ake, ndipo pamwamba pa tsamba lililonse amayamba walemba dzina, chaka ndi nambala ya tsamba asanakopere liwu ngakhale limodzi. Chabuluu ndi cha maganizo ake. Anandiuza pa foni kuti sabata zoyamba masamba ake ankangofiira okhaokha, ndipo anachita manyazi kuona kuti zake zinali zochepa chotero. Tsopano buluu wayamba kuchuluka.

Anapemphanso chilolezo kwa bambo, ndipo pa tsamba lothokoza anthu analembapo dzina lawo lonse, ndi mawu oti ndiwo anamuphunzitsa nyanja. Bambo satha kuwerenga Chingerezi, koma anandiuza kuti ndiwasonyeze pamene pali dzinalo. Anaika chala pomwepo kwa kanthawi, kenaka anabweza foni n'kufunsa ngati mwera watsika.